Webusaiti Yatha, Koma Dzina Lake Lili M'manja mwa Yani?

Pa Khirisimasi ya 1999, anthu ambiri omwe ankagwiritsa ntchito imelo ya Hotmail analephera kulowa m'maakaunti awo. Makina a kampani ya Microsoft sanaonongeke, ndipo panalibe akuba omwe anawathyola. Kampaniyo inangoiwala kulipira dzina la pa intaneti la passport.com, lomwe anthu ankadzera polowa. Katswiri wina wa makompyuta wa ku America, Michael Chaney, ataona chomwe chavuta anatenga kadi yake ya kubanki n'kulipira madola 35 m'malo mwa kampaniyo, ndipo zinthu zinabwerera mwakale. Microsoft inamutumizira cheke cha madola 500 pothokoza.

Ngati kampani yokhala ndi maloya ndi maakauntanti ankhaninkhani inaiwala tsiku, kuli bwanji mwini sitolo, sukulu kapena bungwe laling'ono lomwe linapangitsa webusaiti kwa mnyamata wodziyimira payekha, n'kumulipira, iye n'kupita kukasaka ganyu ina? Pakati pa anthu awiriwa pamafunika kalata imodzi, yomwe wopanga webusaiti amalemba tsiku lopereka ntchito. Kalatayo imafotokoza molowera, zoyenera kulipiridwanso chaka ndi chaka, ndi zoyenera kukonzedwa nthawi ndi nthawi. Ambiri sailemba. Ena amangotumiza pasiwedi pa WhatsApp ndi mawu akuti "mukavutika mundiimbire", basi ntchito yatha.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyerekeze malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Mwini wake ndi mayi yemwe ntchito yake ndi kulandira alendo, osati makompyuta. Wopanga webusaiti wamumangira tsamba pa WordPress, pulogalamu yomwe imayendetsa mawebusaiti oposa 40 mwa 100 aliwonse padziko lonse. Dzina la tsambalo tilitchule kuti example.com. Alendo amasungitsa zipinda kudzera pa fomu ya patsambalo, ndipo imelo ya malowo ndi info@example.com.

Mayiyu akamati "webusaiti yanga" amaganiza za chinthu chimodzi. Koma pali zinthu zitatu zosiyana, chilichonse ndi akaunti yake, pasiwedi yake ndi tsiku lake lothera. Choyamba ndi dzinalo, lomwe amisiri amati domeni, ndipo limabwerekedwa ku kampani yolembetsa mayina monga Namecheap kapena GoDaddy. Chachiwiri ndi hositing'i, malo pa seva pomwe zithunzi ndi mawu onse a tsambalo amasungidwa. Chachitatu ndi khomo la WordPress lomwe mayiyu amalowera akafuna kusintha mitengo ya zipinda, lomwe nthawi zambiri limakhala pa example.com/wp-admin. Opanga mawebusaiti ambiri amapereka khomo lachitatu lokha, chifukwa ndi lomwe kasitomala amaliona. Zili ngati mmisiri yemwe wamaliza nyumba n'kupereka makiyi onse a zitseko, pamene mapepala a puloti analembetsa m'dzina lake.

Pa zitatuzi, domeni ndiyo yofunika kuyamba nayo m'kalatamo. Hositing'i ikatayika, munthu akhoza kubwereka ina n'kubwezeretsa tsamba kuchokera pa zomwe anasunga. Pasiwedi ya WordPress ikaiwalika, yemwe ali ndi hositing'i amaisintha m'mphindi zochepa. Koma dzina likapita kwa munthu wina, lapita pamodzi ndi imelo, zikwangwani za pamsewu, makadi a bizinesi ndi alendo onse omwe analisunga m'mafoni awo. Nchifukwa chake kalata yabwino simangonena kuti domeni ili ku kampani yakuti. Imayankha mafunso atatu: dzinalo linalembetsedwa m'dzina la yani, makalata okumbutsa amapita ku imelo ya yani, ndipo ndalama zimachotsedwa pa kadi ya yani.

Kawirikawiri yankho la mafunso onse atatu limakhala "la wopanga webusaiti", ndipo sikuti amachita izi mwachinyengo. Tsiku loyamba ntchito, kasitomala amakhala alibe kadi yolipirira kunja, kapena amangoti "inuyo ndinu odziwa, pangani zonse". Mnyamatayo amagula dzina mu akaunti yake momwe muli mayina a makasitomala ena khumi. Chaka choyamba zonse zimayenda. Vuto limadza iye akapeza ntchito ku Joni, akasintha nambala, akadwala, kapena awiriwa akasemphana pa ndalama.

Zomwe zimachitika domeni ya .com ikafika tsiku lothera zili ndi ndondomeko yake, ndipo mayi wa ku Mangochi ayenera kuipeza m'kalatamo m'mawu osavuta. Tinene kuti dzina lake likutha pa 14 Malichi. Malamulo a ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, amalamula kampani yolembetsa kuti itumize chikumbutso kutatsala pafupifupi mwezi umodzi, china kutatsala pafupifupi sabata imodzi, ndi chinanso pasanathe masiku 5 dzinalo litatha. Makalata onsewa amapita ku imelo yomwe inalembedwa polembetsa. Ngati imeloyo ndi ya mnyamata yemwe anasiya kale kuitsegula, mayiyu samva kanthu.

Tsiku likadutsa, tsamba limazima kapena m'malo mwake mumaoneka tsamba la zotsatsa malonda la kampani yolembetsa. Imelo nayo imasiya kufika, chifukwa malangizo ouza makina a dziko lonse komwe angatumize makalata a info@example.com amakhala pa domeni yomweyo. Pamakhala nthawi yachisomo yomwe munthu angalipire pa mtengo wanthawi zonse. Nthawiyi siidutsa masiku 45, ndipo makampani ambiri amapereka yocheperapo; ena amayamba kugulitsa dzinalo pa okishoni isanathe. Kwa mayiyu, malire enieni angakhale pa 28 Epulo. Kenako dzinalo limalowa masiku 30 oombola, pomwe limabwezedwabe koma ndi chindapusa chomwe chimaposa mtengo wa chaka kangapo. Apa tafika pa 28 Meyi. Masiku 5 otsatira palibe yemwe angalikhudze, ndipo cha pa 2 Juni limatayidwa poyera kuti aliyense aligule. Pali anthu ndi makampani omwe ntchito yawo ndi kudikirira mayina otayidwa chotere, makamaka omwe anali ndi alendo ambiri.

Aliyense akhoza kuona yekha pomwe dzina lake lili, popanda kufunsa mmisiri. Akalemba dzinalo pa lookup.icann.org, kapena mmisiri akagwiritsa ntchito lamulo la `whois`, pamatuluka mizere yonga iyi:

```
Registry Expiry Date: 2027-03-14T09:30:00Z
Domain Status: clientTransferProhibited
```

Mzere woyamba ndi tsiku lothera. Wachiwiri ukutanthauza kuti dzinalo ndi lokhomedwa kuti wina asalisamutse mwakuba, ndipo n'chinthu chabwino. Koma pamalo pomwepo pakalembedwa `redemptionPeriod`, ndiye kuti nthawi yachisomo yatha ndipo chindapusa chayamba. Pakalembedwa `pendingDelete` yokha, madzi afika m'khosi. Dzina la mwini wake nthawi zambiri siliwoneka pamenepo, chifukwa kuyambira 2018 makampani ambiri amabisa zimenezi potsatira malamulo a ku Ulaya oteteza chinsinsi cha anthu. Kuti mayiyu atsimikize kuti dzinalo ndi lake, ayenera kulowa yekha mu akaunti ya kampani yolembetsa n'kuona dzina lake ndi imelo yake.

Mayina othera ndi .mw, omwe akhala akuyang'aniridwa ndi Malawi SDNP, amayendera malamulo a kaundula wawo, monga momwe zilili ndi mayina a mayiko ena onse. Masiku a .com omwe tawerenga pamwambapa sagwira ntchito pamenepo, choncho kalata iyenera kutchula malamulo a dzina lomwe kasitomala ali nalo.

Kusamutsa dzina kuchoka kwa mmisiri kupita kwa kasitomala kuli ndi njira ziwiri. Yachidule ndi yoti mayiyu atsegule akaunti yake ku kampani yomweyo, mmisiri n'kukankhira dzinalo mu akauntiyo; izi zimatheka tsiku lomwelo ndipo nthawi zambiri sizilipiritsa. Ina ndi yopita nalo ku kampani ina, yomwe imafuna kumasula loko ndi kupereka nambala yachinsinsi yomwe pa sikirini imalembedwa `EPP code` kapena `Auth code`. Njirayi imatenga masiku angapo, ndipo imakanika ngati dzinalo lalembetsedwa kapena kusamutsidwa m'masiku 60 apitawa. Webusaiti zambiri zing'onozing'ono zimamalizidwa miyezi iwiri isanakwane, ndiye mmisiri amati "tidzasamutsa loko ikatha", ndipo onse awiri amaiwala. Kalata yoona mtima imalemba tsiku lomwe loko idzathe ndi yemwe adzachite kusamutsako.

Pali msampha umodzi womwe ngakhale akatswiri amagwamo. Mayiyu akamatsegula akaunti yake ku kampani yolembetsa, n'zachibadwa kuti alembe imelo ya bizinesi, info@example.com. Koma tsiku lomwe domeni yatha, imelo imeneyo imafa nayo limodzi. Chikumbutso chomaliza sichifika, ndipo akaiwala pasiwedi, uthenga woisinthira umatumizidwa ku bokosi lomwe silikulandiranso makalata. Akaunti ya domeni iyenera kukhala pa imelo yomwe sidalira domeniyo, monga ya Gmail, ndipo ikhale imelo yomwe mwini bizinesi amatsegula yekha, osati ya mlembi yemwe angasiye ntchito mawa.

Nkhani ya kadi ndiyo imapweteka kwambiri kuno kwathu. Mayina a .com ndi hositing'i yakunja zimalipiridwa m'madola. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Domeni ya madola 15 yomwe inali K17,700 inakhala K25,500, ndipo hositing'i ya madola 120 pachaka inachoka pa K141,600 kufika pa K204,000, kampani yakunja isanakweze ngakhale senti imodzi. Mmisiri yemwe anauza kasitomala mtengo wa chaka m'makwacha okha anapezeka akuoneka ngati wakuba pomwe anabwera ndi mtengo watsopano. M'kalata, mtengo ulembedwe m'ndalama yomwe kampaniyo imalipiritsa. Ulembedwenso mtengo wa chaka chachiwiri, chifukwa makampani a hositing'i amakonda kukopa anthu ndi mtengo wotsika wa chaka choyamba, wotsatira n'kukhala wowirikiza kawiri kapena katatu.

Batani la `Auto-renew` limathandiza, koma si lodalirika palokha. Limagwira ntchito ngati kadi ili yamoyo, ili ndi ndalama, ndipo banki yalola malipiro akunja tsiku limenelo. Kadi zimatha ntchito pakapita zaka zingapo, ndipo pamene ndalama zakunja zikusowa, malipiro otere amakanidwa. Mu Julaye 2017 kampani ya Marketo ya ku America, yomwe ntchito yake inali yothandiza makampani ena kutumiza mauthenga panthawi yake, inazimiridwa dzina lake chifukwa kulipira kodzichitikira kunalephereka. Mayi wa ku Mangochi angachite bwino kulemba pa kalendala tsiku la mwezi umodzi dzina lisanathe, ndipo ngati ndalama zilipo, kulipiriratu zaka zingapo: dzina la .com limalola mpaka zaka 10. Ngati wasankha kuti azitumiza ndalama kwa mmisiri pa Airtel Money kapena Mpamba kuti iye alipire ndi kadi yake, palibe cholakwika, bola akaunti ikhale ya mayiyo ndipo risiti ya kampani ibwere kwa iye.

Chigawo cha kalata chokhudza malipiro chikhoza kumveka motere: "Mayi, dzina la example.com lili mu akaunti yanu, pa imelo yanu ya Gmail. Likutha pa 14 Malichi chaka chilichonse, mtengo wake ndi madola 15. Kadi yomwe ilipo panopa ndi yanga, ndipo ndidzaichotsa pa 31 Januwale. Muikepo yanu tsikulo lisanafike, kapena mundiuze kuti ndizikulipirirani." Mizere inayi yotere imaposa masamba khumi a zithunzi zosonyeza mosinthira mawu patsamba.

Za mapasiwedi enieniwo, malo ake si m'kalatamo. Kalata imasindikizidwa, imatumizidwa kwa akauntanti, imakhala mu kabati yomwe aliyense amatsegula. Chomwe imalemba ndi adiresi ya khomo, dzina lolowera ndi imelo yobwezeretsera. Mapasiwedi amaperekedwa padera, pamaso kapena kudzera mu pulogalamu yosungira mapasiwedi monga Bitwarden, ndipo kasitomala amawasintha tsiku lomwelo. Ngati akaunti ili ndi chitetezo chachiwiri chomwe chimatumiza nambala pa foni, foniyo ikhale ya mwini bizinesi, ndipo manambala apadera omwe kampani imapereka kuti adzathandize foni ikatayika alembedwe papepala n'kusungidwa pomwe pali mapepala a kubanki. Pasiwedi yolondola siitsegula kanthu ngati nambala yotsimikizira ikupita pa simu ya munthu yemwe ali ku Joni.

Mkati mwa WordPress muli maudindo, ndipo awiri ndiwo ofunika apa. `Administrator` amatha kuchita chilichonse, kuphatikizapo kufufuta tsamba lonse ndi kuchotsa anthu ena. `Editor` amalemba ndi kusintha nkhani ndi zithunzi koma sakhudza makina. Mayiyu ayenera kukhala ndi akaunti ya `Administrator` m'dzina lake, ndipo wolandira alendo yemwe amasintha mitengo apatsidwe ya `Editor`. Kugawana akaunti imodzi anthu anayi kumachititsa kuti mmodzi akachoka, pasapezeke njira yomutsekera popanda kusokoneza onse.

Tsamba likaperekedwa silikhala chilili. WordPress yokha, thimu yomwe imapatsa tsamba maonekedwe, ndi mapulagini, tizipangizo towonjezera monga fomu yosungitsira zipinda, zonse zimatulutsa zokonza pafupipafupi, ndipo zambiri mwa izo zimatseka mabowo omwe akuba apeza. Kuyambira 2013 WordPress imadziikira yokha zokonza zing'onozing'ono zachitetezo, ndipo kuyambira Ogasiti 2020 mwini tsamba akhoza kulola kuti mapulagini ndi mathimu azidzikonzanso okha. Koma batani limenelo limayatsidwa pa pulagini iliyonse payokha, ndipo kalata iyenera kunena omwe ayatsidwa ndi omwe asiyidwa dala.

Kusakonza kuli ndi mtengo wake. Mu Sepitembala 2020 kunapezeka bowo mu pulagini ya File Manager, yomwe inali pa mawebusaiti oposa 700,000, lomwe linkalola munthu wakunja kuika mafailo ake pa seva popanda pasiwedi. Eni ake anatulutsa mtundu wa 6.9 wotseka bowolo, koma masamba omwe sanakonzedwe anapitiriza kuthyoledwa. Pulagini yotere nthawi zambiri imaikidwa ndi mmisiri kuti imuthandize pomanga, n'kuiwalika momwemo. Asanapereke ntchito, ayenera kuchotsa chilichonse chomwe tsamba silikugwiritsa ntchito.

Chitsanzo china chimaphunzitsa za malayisensi. Mu Disembala 2014 masamba oposa 100,000 a WordPress anagwidwa ndi kachilombo kotchedwa SoakSoak kudzera mu pulagini ya Slider Revolution. Bowolo linali litatsekedwa kale miyezi yambiri m'mbuyomo, koma anthu ambiri analandira pulaginiyo itabisika mkati mwa thimu yomwe anagula, ndipo sanalandire uthenga woti akonze. Ambiri sankadziwa n'komwe kuti ali nayo. Lero vuto lofanana nalo limadza ndi mapulagini olipira monga Elementor Pro: mmisiri amakhala ndi layisensi imodzi yokwanira masamba ambiri, ndipo amaikapo makasitomala ake onse. Akasiya kulipira, tsamba la mayiyu limaonekabe bwinobwino, koma zokonza zimasiya kubwera mwakachetechete. Kalata itchule pulagini iliyonse yolipira, mwini layisensi ndi tsiku lothera. Ndipo ngati mmisiri anaika pulagini yolipira yomwe anaitola kwaulere pa masamba a zakuba, kasitomala ali ndi chifukwa chokwanira chokanira ntchitoyo, pakuti zambiri mwa izo zimabwera ndi khomo lobisika la omwe anaziba.

Kukonza nakonso kumatha kuononga, ndipo apa mpomwe kalata iyenera kulankhula ngati munthu. Lamulo loyamba ndi kusunga bakapu, kope lathunthu la mafailo ndi la nkhokwe ya mawu, musanadine `Update`. Kopelo lisakhale pa seva yomweyo yokha, chifukwa hositing'i ikatsekedwa limapita nayo; pulagini monga UpdraftPlus imatha kulitumiza ku Google Drive ya mwini tsamba. Mapulagini akonzedwe imodziimodzi, n'kumatsegula tsamba ndi kuyesa fomu pambuyo pa iliyonse, kuti ikavuta idziwike kuti ndi iti. Ndipo zisachitike Lachisanu madzulo alendo a Khirisimasi akusungitsa zipinda.

Mauthenga awiri amaopseza eni masamba kuposa momwe ayenera. Woyamba ndi `Briefly unavailable for scheduled maintenance. Check back in a minute.` Umaoneka pamene kukonza kuli mkati, ndipo ukakhalitsa ndiye kuti kukonzako kunadukira panjira. Mankhwala ake ndi kufufuta failo ya `.maintenance` mu hositing'i. Wachiwiri ndi `There has been a critical error on this website.` Umasonyeza kuti pulagini kapena thimu yasemphana ndi zina. Kuyambira 2019 WordPress imatumiza imelo yokhala ndi khomo lapadera lolowera kukazimitsa chomwe chalakwa, koma imaitumiza ku adiresi yomwe ili pa `Settings` > `General`. Pa masamba ambiri adiresi imeneyo imakhalabe ya mmisiri zaka ndi zaka.

Kaloko komwe mabulawuza ena amaonetsa pafupi ndi dzina la tsamba kamadalira satifiketi yachitetezo. Ya Let's Encrypt ndi yaulere, imakhala masiku 90, ndipo hositing'i yabwino imaikonzanso yokha. Ikalephera, alendo amalandiridwa ndi chenjezo lakuti `Your connection is not private`, ndipo ambiri amabwerera pomwepo. Mzere umodzi m'kalata wonena komwe satifiketi imachokera ndi yemwe angaimbiridwe ndi wokwanira.

Chotsala ndi malire a udindo. Makangano ambiri pakati pa mmisiri ndi kasitomala amabuka patatha miyezi, wina akuganiza kuti analipira chisamaliro chamuyaya, wina akuganiza kuti ntchito inatha tsiku lomwe analandira ndalama yomaliza. Kalata inene kuti zolakwika za mmisiri zidzakonzedwa kwaulere mpaka tsiku lakuti, kuti pambuyo pake kukonza mwezi ndi mwezi ndi ndalama zakuti, ndi kuti ngati kasitomala sakufuna mgwirizano umenewo, kudina `Update` ndi kusunga bakapu kuli m'manja mwake.

Opanga mawebusaiti osamala sakhulupirira kalata yawo mpaka itayesedwa. Amakhala pansi ndi kasitomala, iye atagwira foni kapena laputopu yake, n'kumusiya alowe yekha mu akaunti ya domeni, ya hositing'i ndi ya WordPress potsatira zomwe zalembedwa, mmisiri osagwira kiyibodi. Pa khomo lililonse amadina `Forgot password` kuti aone foni yomwe ilire. Ikalira ya mmisiri, pamenepo pali ntchito yomwe sinathe, ndipo imakonzedwa tsiku lomwelo onse awiri asanadzuke pampando.